Mphindi Ziwiri za a Batire

Pamalo ochapira zovala omwe ali kuseri kwa sitolo ya mankhwala, thebulo lositira la pakona, pafupi ndi zenera, ndi la Nasimbi. Dzinali anamupatsa ndi anzake a pantchito akadali mtsikana, poti simbi sinkachoka m'manja mwake. Kuchokera nthawi imeneyo makina ochapira asinthidwa, eni malo asinthana, anzake ena anakwatiwa n'kupita, koma iye ali pomwepo. Malaya amayamba kolala, kenako mapewa, manja, n'kumalizira thupi. Thalauza lakuda amayamba waliphimba ndi kansalu konyowa kuti lisanyezimire. Pamkono pake pali tizipsera ta nthunzi toti iye mwini sakumbukanso kuti kalikonse kanabwera liti.

Nasimbi si munthu wa mawu ambiri, ndipo sanafunikirepo kutero, chifukwa anakwatiwa ndi munthu amene ankalankhulira nyumba yonse. Mwamuna wake anali dalaivala wa lole yogawa katundu m'masitolo, ndipo aliyense ankamutchula kuti a Wailesi. Akangodzuka ankayamba kubwebweta, ndipo pozimitsira panalibe. A Wailesi anali mapasa. Mkulu wawo, amene anatsogola kubadwa, anali kalipentala, munthu wa phee, woti mutha kukhala naye pa benchi tsiku lonse osamva liwu lake. Ameneyo abale anamutcha a Batire. Ankati wailesi ndiye imamveka, koma mphamvu ili mwa batire amene saoneka. Nkhope, msinkhu, kayendedwe, ngakhale kampata ka mano, zonse zinali chimodzimodzi. Kusiyana kwawo kunali pakamwa basi.

Chaka chilichonse pa tsiku lobadwa la mapasawo, banja lonse linkakumana kwa a Batire, poti kumeneko balaza ndi lalikulu. Chakudya chikafika patebulo, a Wailesi ankaimirira, n'kugogoda botolo ndi supuni, n'kuyamba. Ankalonjeza kuti anena mawu awiri okha. Ana ankayamba kusinza, nyama n'kugwira mafuta, iwo ali pa nkhani ya momwe anapulumutsira mkulu wawo kwa galu wa aneba, galu amene chaka ndi chaka ankakula mpaka kufika pa mwana wa ng'ombe. A Batire ankangomwetulira atayang'ana m'tambula yawo.

Chaka chathachi, kutatsala miyezi yochepa kuti tsikulo lifike, a Wailesi anagwa m'bafa m'mawa wina akukonzekera kupita kuntchito. Anagona m'chipatala masiku ochepa osalankhula, chinthu chimene Nasimbi anali asanachionepo, kenako anatsogola. Chaka chimenecho phwando silinachitike. Nasimbi anabwerera pathebulo lake la pakona. Ana ake awiri amagwira ntchito kutali ndipo ankamuimbira foni Lamlungu. Mkazi wa a Batire ankabwera kudzamuona, ana awonso ankabwera. A Batire eniake sanapondepo pakhomo pake chichitikire maliro, ndipo Nasimbi sanadandaule. Kunena zoona, mtima wake unkayamika. Pamaliro paja atakweza maso n'kuona mwamuna wake ataima wamoyo pambali pa bokosi la mwamuna wake, anabweza nkhope msanga osayang'anakonso.

Tsiku lina masana, mwana wamkulu wa a Batire, amene ndi namwino, anatulukira pamalo ochapira aja ali mu yunifomu.

"Amayi aang'ono, ndabwera ndi pempho," anatero atapereka moni. "Bambo akukwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi Loweruka la mawa lija. Tikufuna tiwachitire kenakake, angokhala ngati munthu wozimitsidwa. Ndiye tagwirizana kuti tositi muchite ndinu."

"Tositi? Buledi uja?"

Namwino anaseka. "Ayi, amayi. Zija ankachita bambo aang'ono zija. Kuimirira, kunena mawu, tonse n'kukweza matambula."

Nasimbi anaimika simbi. "Iwe mwana, unandimvapo ine ndikulankhula pagulu? Amayi ako alipo. Iweyo ulipo."

"Amayi angoyamba kulira asanatsegule pakamwa. Ine ndikhala ndikuthamangathamanga ndi mbale. Komanso malo amenewo ndi a nyumba yanu, sitikufuna apite kwina." Anagwira dzanja la Nasimbi. "Si zambiri ayi. Mphindi ziwiri zokha. Munene kuti ndinu ndani kwa iwo, nkhani imodzi yokha ya bambo, kenako muwadalitse, tikweze matambula, basi. Koma chonde, isakhale ya maliro. Anthu alira mokwanira."

Nasimbi anafuna kukana. Koma mawu oti malo a nyumba yanu aja anamukhudza, ndipo anangovomera ndi mutu.

Anaganiza kuti chovuta chidzakhala kuimirira pamaso pa anthu. Chovuta chinapezeka kuti ndi nkhani. Sabata yonse, simbi ikuyenda pa malaya a eni ake, ankafukula zaka zoposa makumi atatu zimene wakhala m'banja limenelo, ndipo nkhani iliyonse imene ankaigwira inkatuluka ndi a Wailesi kutsogolo. Ulendo umene lole inafera pamlatho, a Batire analipo, koma amene anakangana ndi apolisi ndi a Wailesi. Tsiku limene denga linasasuka ndi mphepo, anakhoma ndi a Batire, koma chimene anthu amakumbukira ndi a Wailesi ali pansi kulamula ngati kapitawo. Munthu wamkulu, wa zidzukulu, koma m'nkhani zonse za pabanjapo ankangokhala ngati mpando umene unali m'chipindamo.

Pantchitopo pali mayi woyendetsa makina ochapira amene amamutchula kuti Thovu, wapakamwa posatseka. Lachinayi pa nthawi yopuma, Nasimbi anamupempha kuti amumvetsere. Anakhala kuseri, pakati pa madengu a zovala zakuda, Thovu atagwira foni yowerengera nthawi.

Nasimbi anayamba ya denga ija. Pang'onopang'ono anamasuka, mpaka anayamba kutsanzira a Wailesi akukuwa kuti msomali uwo wapindika. Ankaseka uku misozi ikutsika.

Thovu anaimitsa foni. "Mayi, mwadutsa kalekale, ndipo dalitso simunalifike n'komwe. Komanso ndifunse nawo, phwandoli ndi la ndani?"

"La alamu anga."

"Nanga alamu anuwo ali kuti m'nkhaniyi? Ine ndangomva za amuna anu."

"Ali padenga."

"Atsitseni ndiye," anatero Thovu. "Munthu tsiku lake lobadwa mukamusiya padenga?"

Nasimbi anabwerera kuthebulo lake atakhumudwa. Anasita masuti awiri, diresi la ukwati wa eni ake, mulu wa nsalu za patebulo za ku lesitilanti. Ali pakati pa nsaluzo anakumbukira tsiku limodzi lokha limene iye anakhalapo ndi a Batire awiriwiri, a Wailesi palibe. Linali lakale kwambiri, ndipo anali asanauzepo munthu chifukwa cha manyazi. Anaima simbi ili m'mwamba mpaka Thovu anamukuwira kuti nthunzi ikutha pachabe.

Mawa lake anayesanso, tsopano ndi nkhani ya tsiku limenelo. Inatalikabe. Thovu anamudulitsa zambiri: mtundu wa diresi limene anavala, mvula imene inkafuna kugwa, dzina la mnzake amene anamubwereka nsapato. "Zimenezo n'zanu, sungani," ankatero. "Anthu akufuna amve chimene bamboyo anachita." Anabwereza mpaka nkhani inakwana, n'kutsala kampata ka dalitso. Koma dalitsolo Nasimbi sanaliyeseze. Anati adzangonena zimene anthu amanena, moyo wautali ndi thanzi, zimenezo sizifuna kuphunzira.

Loweruka anasita diresi lake labuluu, loyamba la mtundu wowala chichokereni mwamuna wake, n'kukwera basi. Kwa a Batire anapeza mipando ya sofa atayikankhira kukhoma, mipando ya pulasitiki yobwereka itandandalikidwa mpaka pakhonde. Zidzukulu zinkathamangitsana pakati pa miyendo ya akuluakulu. Patebulo panali keke, ndipo Nasimbi anaiyang'ana kamodzi n'kutembenuka. Zaka zonsezi pakeke pankalembedwa mayina awiri, mothinana. Lero dzina limodzi linali ndi malo ambiri.

A Batire anakhala pampando wawo pafupi ndi kabati ya mbale. Anali atasunga ndevu, zotuwa, zosapesa bwino, chinthu chimene mapasawo sanachitepo. Nasimbi anapita kukawapatsa moni maso ali pa nsapato zawo.

"Muli bwanji, alamu?"

"Tilipo, alamu. Kaya inu?"

"Tilipo."

Mawuwo anali omwewo a mwamuna wake. Ndevu zinabisa chibwano, koma mawu sizikanawabisa. Nasimbi anathawira kukhitchini n'kudzipatsa ntchito yopukuta matambula amene anali opukutidwa kale.

Anthu atadya, Namwino ndi azing'ono ake anazungulira ndi mabotolo a zakumwa kudzaza matambula. Kenako Namwino anagogoda botolo ndi supuni. M'nyumba munangoti zii, ndipo Nasimbi anaona anthu angapo akuyang'ana pamalo pamene a Wailesi ankakonda kuima, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini. Iye sanaime pamenepo. Anaima pamene anali, kumbuyo kwa mpando wa mdzukulu wina, tambula ataigwira ndi manja awiri.

"Nonse mukundidziwa," anayamba. "Ndine mlamu wawo wa bambo awa. Andipatsa mphindi ziwiri, ndipo poti ine si a Wailesi, zikwana."

Anthu anaseka, kuseka kodzidzimuka, ngati sanayembekezere kuti dzinalo lingatchulidwe n'kusapweteka. Nasimbi anapuma n'kupitiriza.

"Tsiku loyamba kubwera kudzaonekera kwa apongozi anga, tinapangana ndi mwamuna wanga kuti andidikire pa siteji. Nditatsika basi ndinamuona ataima, ndinamugwira mkono, n'kuyamba kukhuthula zonse. Ndinati ndikuopa amayi ako, akuti ndi ovuta. Ndinati nsapato izi n'zobwereka ndipo zikundiluma. Ndinatinso mkulu wako uja ndiye ndikumuopa kwambiri, munthu wosalankhula amakhala ndi chiwembu. Tinayenda msewu wonse ndikulankhula ndekha, ndikudabwa kuti lero wailesi yatani. Titafika pageti, munthu uja anaima n'kunena kuti, 'Pepani, amene mukumufunayo wachedwa kuntchito, anatuma ine. Koma musaope, amayi ndi abwino. Nsapatozo vulani, muvale zanga za m'bafa.'"

M'nyumba munaphulika chiseko. Mkazi wa a Batire anagwira pamimba. Ndipo pakati pa chisekocho a Batire nawo anaseka, mutu ataugwetsera kumbuyo, kampata ka mano kali poyera, kuseka kokoka mpweya ngati pampu. Kunali kuseka kwa a Wailesi kwenikweni. Nasimbi anali asanakumve chaka chonse ndi miyezi, ndipo asanadzigwire anakweza maso n'kuwayang'ana.

Mawu anamuthawa. Anaima tambula ili m'manja, pakamwa pali potsegula, chiseko chikuzilala pang'onopang'ono mpaka anthu anayamba kuyang'anana. Namwino anasuntha kuti abwere kudzamugwira, koma Nasimbi anapukusa mutu.

"Ndinapempha kuti asauze munthu," anatero, mawu atatsika. "Zaka zonsezi sanauze munthu. Ngakhale mng'ono wawo, amene akanandiseka nazo mpaka kumanda. Ndi munthu wotero ameneyu. Ukamusungitsa chinthu, chasungika."

Inafika nthawi ya dalitso. Moyo wautali ndi thanzi zija zinali pamlomo, koma maso ake anali akadali pa nkhope ija, pa makwinya awiri atsopano pamphumi amene mwamuna wake sanafike pokhala nawo. Zimene zinatuluka sizinali zimene anakonza.

"Alamu, Mulungu akusungeni. Mukalambe. Mukalambe ndithu, mpaka mutu wonse uyere, mpaka muyendere ndodo, kuti ife tidzaone kuti nkhope imeneyi ikakalamba imaoneka bwanji. Enafe tinalonjezedwa kuti tidzaiona. Mutisungire. Tiyeni tikweze matambula."

Matambula anakwera, ena mochedwa. Mawu oti "kwa a Batire" anamveka osalongosoka, chifukwa theka la anthu linali likufufuza mipango. Mkazi wa a Batire ankalira poyera. A Batire anakweza tambula yawo pang'ono, osamwa, n'kuiika pansi. Ana anayambitsa nyimbo ya tsiku lobadwa mofulumira kuti aphimbe, makandulo anayatsidwa, ndipo zidzukulu ndi zimene zinawazimitsa chifukwa agogo awo anangowayang'ana.

Nasimbi anapita kukhitchini. Namwino anamutsatira atanyamula mbale za keke.

"Pepa mwanawe," anatero Nasimbi. "Unati ndisalize anthu."

"Mwawaliza ndithu," anayankha Namwino akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma bambo aseka. Mwawamva? Chichokereni bambo aang'ono, m'nyumba muno sitinamve zimenezo." Anayang'ana wotchi ya pamkono, mwa chizolowezi cha ntchito yake. "Ndipo simunadutsitse kwenikweni. Kungoti munaima pakati."

Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kutsanzika, Nasimbi anatulukira khomo la kuseri kukataya madzi otsukira mbale. Anapeza a Batire atakhala pakhomo pa shedi yawo yopalira matabwa, pakati pa zipalo ndi fungo la guluu, jekete la phwando atalipachika pa msomali. Anafuna kubwerera, koma iwo anali atamuona kale. Anamukankhira kampando ndi phazi.

Nasimbi anakhalapo, beseni la madziwo ataliika pamiyendo. M'nyumba munkamveka mipando ya pulasitiki ikusanjikizidwa.

"Phwandoli ine sindinalifune," anatero a Batire. "Ana anaumirira. Ine chibadwire sindinakhalepo ndi tsiku lobadwa la ndekha. Sindidziwa kuti munthu amatani nalo."

"Ndakuonjezerani chisoni, alamu."

"Ayi." Anatola kachidutswa ka thabwa n'kumakatembenuza m'manja. "Kwanu kuja sindibwera dala. Ndinaona pamaliro paja mmene munachitira mutandiona. Ndinati ndisamakuzunzeni." Anagwira ndevu zawo. "Izinso si za fasho ayi. Pometa pamafunika galasi."

Nasimbi anayang'ana ndevuzo. Chaka chonsechi ankaganiza kuti nkhope imeneyi ikuvutitsa iye yekha, amene ankatha kuithawa pongokhala kwake. Sanaganizepo za munthu amene amadzuka nayo.

"Ndiye mwandipatsa ntchito yolemera," anapitiriza a Batire. "Kukalamba. Ine ndimaganiza kuti mwina nanenso ndili pafupi. Tinabwera limodzi."

"Musatero, alamu."

"Sinditero. Mwanena kale pamaso pa anthu." Anamwetulira pang'ono, osakweza maso. "Nsapato zija munapita nazo, mukudziwa? Sizinabwerenso."

Nasimbi anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kogwedeza mapewa, beseni lili pamiyendo. A Batire sanamutonthoze ndi mawu. Anangokhala pomwepo mpaka anamaliza, kenako anatenga beseni lija n'kukamutayira madzi.

Lolemba Thovu anamudikirira pakhomo pa malo ochapira. "Zinayenda bwanji? Munawatsitsa padenga?"

"Anatsika," anatero Nasimbi, n'kuyatsa simbi. Zambiri sananene, ndipo Thovu, mwina koyamba m'moyo wake, sanafunsenso.

Patapita milungu ingapo, Loweruka lina masana, a Batire anagogoda pakhomo pa Nasimbi atanyamula chikwama cha zipangizo. Anati mkazi wawo wawauza kuti chitseko cha kabati ya kukhitchini chikulendewera. Anachikonza Nasimbi ataima pawindo kuwapatsa msana. Atamaliza, Nasimbi anawaphikira tiyi, ndipo anamwa atakhala mbali ziwiri za tebulo, akukambirana za mtengo wa matabwa ndi za mdzukulu amene wayamba kuyenda. Nthawi zina Nasimbi ankawayang'ana, nthawi zina ankalephera. Atapita anatsuka makapu awiriwo, n'kukhala pansi pakhitchini pomwepo mpaka kunja kunayamba kuda.

Amabwerabe, mwina kamodzi pa mwezi, pakakhala chokonza kapena ayi. Sizinafike pophweka. Ana ake akamufunsa pafoni ngati kuwaona bambo aakulu kumamuthandiza, Nasimbi amayankha kuti sakudziwa, ndipo amanena zoona. Namwino wayamba kale kunena kuti chaka chamawa tositi ndi ya amayi aang'ono omwewo. Nasimbi wamuuza kuti afunefune wina, chifukwa nkhani imene anali nayo inali imodzi yomweyo.